Amokisisilini sakundigwiranso: chimene chasintha si thupi lanu ayi, ndi mabakiteriya amene muli nawo

Pali mau amene anthu amakonda kunena akamwa makapisozi koma osachira, amati thupi langa linazolowera mankhwala amenewa. Ndimamvetsa chifukwa chake amaganiza choncho, poti chaka chatha anamwa nkuchira, chaka chino amwa omwewo koma palibe chasintha, nde munthu amangoti basi thupi latopa nawo. Koma zoona zake nzoti thupi lanu silizolowera antibayotiki olo pang'ono. Amene asintha ndi mabakiteriya, ndipo kusiyana kumeneku si nkhani yongosewera ndi mau, chifukwa thupi lanu ndi lanu nokha koma mabakiteriya anu mumagawana ndi mwana wanu, amuna anu kapena akazi anu, ndi aliyense amene mumagwirana naye chanza. Munthu amene sanamwepo kapisozi chibadwire atha kudwala ndi bakiteriya wosamva mankhwala amene anakulira m'mimba mwa munthu wina.

Ndifotokoza nkhaniyi potsatira mankhwala amodzi okha, amokisisilini, poti ndi amene ambirife tinamwapo, ndipo mukamvetsa za iyeyu zinazo zimangogwera m'malo mwake.

Bakiteriya ndi kachilombo kamoyo ka selo imodzi, kamadya, kamakula, kenako kamagawikana pakati nkukhala tiwiri. Mkati mwake muli madzi odzadza ndi mchere, shuga ndi zina zambiri, moti madzi akunja amangofuna kulowa, nde mkatimo mumakhala mphamvu yokankha ngati mpweya wa mu chubu. Chubu chopopedwa kwambiri popanda tayala chimaphulika. Tayala la bakiteriya ndi khoma lolimba lokutira selo yonse, lolukidwa ngati ukonde, dzina lake ndi peputidogulayikani. Khomali silimangidwa kamodzi nkutha ayi, bakiteriya akamakula amayenera kumasula malo ena nkulukapo zatsopano, ndipo pali maenzayimu, tingoti amisiri, amene ntchito yawo ndi kumanga mfundo zolumikiza ulusi wa ukondewo.

Amokisisilini, monga achibale ake onse a m'banja la penisilini, ali ndi kamphete ka maatomu anayi kotchedwa beta-lakitamu. Kampheteka kamafanana kwambiri ndi kachidutswa kamene mmisiri uja amagwira akamamanga mfundo, nde iye amakagwira poyesa kuti ndi ulusi wake, kamphete kaja kamatseguka nkumukanirira osachokanso, ngati kiyi yothyokera mu loko. Amisiri akagwidwa ambiri, kumasula kuja kumapitirira koma kumanga mfundo kwaima, khoma limafooka, madzi akukankhabe, bakiteriya phuu waphulika. Onani kuti izi zimachitika pa bakiteriya amene akukula ndi kugawikana, amene wangogona osamanga khoma penisilini samupha bwino.

Nanga bwanji ifeyo sitiphulika? Maselo a munthu alibe khoma limeneli, alibenso amisiri amenewa, nde mankhwalawa amangotidutsa nkutuluka mumkodzo. Apa mpamene pagona nzeru yonse ya maantibayotiki, kupeza chinthu chimene bakiteriya ali nacho koma ife tilibe. Ena monga dokisisayikilini, erithiromayisini ndi jentamayisini amatseka timakina topanga mapuloteni totchedwa marayibozomu, poti ta bakiteriya tinapangidwa mosiyana ndi tathu. Sipurofulokisasini amagwira enzayimu imene imamasula DNA ya bakiteriya pa nthawi yoikopera. Kotirimokisazo amatchinga njira imene bakiteriya amapangira vitamini wotchedwa foleti, pomwe ife foleti timangoipeza mu chakudya. Njira ndi zosiyana koma mfundo ndi imodzi.

Ndipo mfundo yomweyi ndi imene ikuyankha za chimfine. Vayirasi alibe khoma, alibe marayibozomu akeake, amalowa mu selo yanu nkumagwiritsa ntchito zida zanu. Amokisisilini akafika pamenepo alibe choti agwire. Chimfine, fuluwenza, zilonda zapakhosi zambiri, chifuwa chobwera ndi chimfine, zonsezi kawirikawiri ndi mavayirasi. Chimfine chimatha chokha m'masiku 7 mpaka 10, chifuwa chake chimatha kukakamira mpaka masabata atatu, ndipo mamina achikasu kapena obiriwira si umboni woti muli bakiteriya, mtunduwo umachokera ku maselo oyera a magazi anu amene akumenya nkhondo. Chimene chimatinamiza nchoti munthu amayamba makapisozi tsiku lachitatu kapena lachinayi pamene zafika poipa, kenako nkumapeza bwino, nkumathokoza kapisozi pomwe thupi limachira kale palokha.

Tsopano wina atha kunena kuti chabwino sanathandize, koma sanaonongenso kanthu. Apa nde pamene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa si zoona.

Tiyerekeze mayi wina, wazaka za m'ma 30, wagwidwa chimfine, mutu ukuwawa, pakhosi pakukanda. Mu kabati muli makapisozi 6 a amokisisilini a 500 mg amene anatsala pamene wina m'nyumbamo amadwala dzino. Wamwa umodzi m'mawa, wina madzulo, mawa lake chimodzimodzi, mkuja wamwa awiri otsalawo, basi atha. Mavayirasi aja sanamve kalikonse. Koma kapisozi sadziwa kuti mwamumwera chani, amasungunuka m'mimba, amalowa m'magazi, amafika pakhungu, m'mphuno, m'kamwa, ndipo gawo lina limatsala m'matumbo. Munthu wamkulu amanyamula mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ambiri mwa iwo ali m'matumbo akulu, ndipo ambiri ndi abwino, amathandiza kugaya zakudya komanso amadzadza malo kuti oipa asapeze pokhala. Pakati pawo pali wina wotchedwa ikolayi, amene papepala la ku labu amalembedwa E. coli, m'matumbo amakhala mwamtendere ndithu.

Mwa maikolayi a mayi uja, tinene kuti ambiri ndi omva amokisisilini, koma pali ochepa chabe amene ali ndi jini, tingoti kachidutswa ka DNA, yopangira enzayimu yotchedwa beta-lakitamezi. Ntchito ya enzayimu imeneyi ndi imodzi basi, kudula kamphete kaja kasanafike kwa amisiri a khoma. Kamphete kakaduka amokisisilini watha ntchito, ndipo enzayimu ija imasiya nkukadula ena, ndi ena, osatopa. Makapisozi asanabwere ochepawa analibe mwayi wina uliwonse woposa anzawo, amangolimbirana chakudya ndi malo ndi khamu lonse. Makapisozi atabwera, omva mankhwala afa ambirimbiri, malo atseguka, chakudya chatsala, ochepa aja ayamba kuswana popanda wowapinga.

Kuswana kwake nkofulumira zedi. Ikolayi akapeza zonse zofunika, ngati mu labu, amagawikana mphindi 20 zilizonse. Mmodzi akhala awiri, awiri akhala anayi, pa maola 8 agawikana maulendo 24, ndekuti mmodzi uja wasanduka oposa 16 miliyoni. M'matumbo sizithamanga chonchi poti chakudya ncholimbirana, koma masiku ochepa ndi okwanira kuti amene anali ochepa akhale ndiwo ambiri.

Chonde onetsetsani bwino apa, mankhwala sanaphunzitse bakiteriya aliyense kulimba. Palibe bakiteriya amene analawa pang'ono nkuganiza zodziteteza. Olimbawo analipo kale, mankhwala angowasefa, kuchotsa anzawo nkuwasiyira bwalo. Ndipo anakhalako kalekale, poti penisilini weniweniyo amachokera ku nkhungu, maantibayotiki ena ambiri amachokera ku mabakiteriya a m'dothi, zamoyo zimenezi zakhala zikuthirana poyizoni kwa zaka mamiliyoni nde zodzitetezera nazonso zinalipo. Mu 2011 asayansi anapeza majini osamva maantibayotiki mu dothi lozizira kwambiri la ku Canada limene linaundana zaka pafupifupi 30,000 zapitazo. Alexander Fleming anaona nkhungu ija ikupha mabakiteriya m'mbale yake ku London mu 1928, ndipo mu 1940, penisilini asanayambe nkomwe kuperekedwa kwa odwala ambiri, Edward Abraham ndi Ernst Chain ku Oxford anali atapeza kale enzayimu ya bakiteriya yoononga penisilini. Fleming yemweyo polandira mphoto ya Nobel mu 1945 anachenjeza kuti ikubwera nthawi imene aliyense azidzagula penisilini m'sitolo, ndipo munthu wosadziwa azidzamwa wosakwanira nkupangitsa tizilombo kukhala tosamva.

Kusamva kumabwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kulakwitsa pokopera DNA, bakiteriya akamagawikana pena chilembo chimodzi chimasintha mwangozi, zambiri mwa zosinthazi nzopanda ntchito kapena zomupweteka, koma mwa mamiliyoni ambirimbiri imodzi imatha kusintha kaonekedwe ka malo amene mankhwala amagwira. Yachiwiri nde yondiopsa kwambiri. Majini ambiri a kusamva amakhala pa timphete tating'ono ta DNA totchedwa mapulazimidi, ndipo mabakiteriya amapatsana timeneti, wina amatulutsa kachingwe nkugwira mnzake, kumukokera pafupi nkumupatsa kope, olo akhale a mitundu yosiyana. Ikolayi wa m'matumbo atha kupatsa kilebusiyela, bakiteriya amene amayambitsa chibayo ndi matenda a m'magazi m'zipatala. Choipitsitsa nchoti pulazimidi imodzi kawirikawiri imanyamula majini angapo pamodzi, ya amokisisilini, ya kotirimokisazo, mwinanso ya jentamayisini. Ndekuti mayi uja pomwa amokisisilini yekha wasankha bakiteriya wosamva mankhwala atatu, awiri mwa iwo sanawamwe nkomwe.

Papita masabata 5, chimfine chinaiwalika. Tsiku lina wayamba kumva kuotcha pokodza, akupita kuchimbudzi pafupipafupi koma mkodzo wake ndi wochepa, pansi pa mchombo pakuwawa. Awa ndi matenda a m'chikhodzodzo, ndipo ambiri mwa matenda amenewa amayambitsidwa ndi ikolayi wochokera m'matumbo a munthu mwiniwakeyo, kwa amayi njira ya mkodzo ndi yaifupi komanso ili pafupi ndi kotulukira chimbudzi nde sizivuta kuti akwere. Ikolayi amene wakwerayo ndi wa gulu liti? Mwachidziwikire ndi wa gulu limene latsala lambiri lija. Kafukufuku wasonyeza kangapo kuti munthu amene wangomwa kumene antibayotiki amakhala ndi mwayi waukulu wopezeka ndi bakiteriya wosamva mankhwala omwewo, makamaka mwezi woyamba, ndipo chiopsezochi chimatha kukhalapobe kwa miyezi yambiri mpaka chaka.

Wagula amokisisilini wina, poti paja anamuthandiza pa chimfine. Tsiku loyamba palibe kusintha, lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu thupi latentha, akunjenjemera, m'chiuno mbali imodzi cha kumsana mukuwawa, akusanza. Bakiteriya wakwera kuchoka m'chikhodzodzo wafika ku impso, ndipo kuchoka ku impso kulowa m'magazi si patali. Apa si pongodikiranso kapena kuonjezera makapisozi, ndi pothamangira kuchipatala.

Mungadziwe bwanji kuti antibayotiki sakugwira? Pa matenda ambiri wamba, ngati mankhwala ali oyenera, pakatha maola 48 mpaka 72 pamayenera kuoneka kusintha, kutentha kutsike, ululu uchepe. Zikapanda kutero kapena zikamaipira, bwererani kwa amene anakupatsani mankhwalawo. Koma ndinene chilungamo, kusachira si umboni woti bakiteriya ngosamva. Mwina si bakiteriya nkomwe, mwina pali mafinya amene asonkhana malo amodzi ofunika kuboola poti mankhwala salowa bwino mu chithupsa, mwina mlingo unali wochepa, mwinanso makapisoziwo ndi achinyengo kapena anaonongeka ndi kutentha. Chimene chimatsimikiza ndi labu basi.

Ku labu amachita chonchi. Amatenga mkodzo m'kabotolo koyera, makamaka munthu asanayambe mankhwala atsopano poti mankhwala akakhala kale m'thupi amatha kulepheretsa bakiteriya kumera, nkupaka pambale ya chakudya cha mabakiteriya chooneka ngati jele, nkuiika m'kabati yotentha ngati thupi la munthu usiku wonse. Mawa lake pamamera timadontho, nkuzindikira kuti ndi mtundu wanji. Kenako amatenga bakiteriyayo nkumupaka ponseponse pambale ina, pamwamba pake nkuikapo timapepala tozungulira, kalikonse konyowetsedwa ndi antibayotiki wakewake, nkudikiranso maola 16 mpaka 20. Mankhwala amayenderera kuchoka pa kapepala, ndipo ngati bakiteriya ali womva, pozungulira kapepalako pamakhala bwalo loyera losamera kanthu. Ngati ngosamva amamera mpaka kukhudza kapepala. Amayeza kukula kwa bwalolo m'mamilimita nkufananiza ndi tchati, kenako papepala la zotsatira amalemba S kutanthauza womva, R wosamva, kapena I wapakatikati. Zonsezi zimatenga masiku awiri kapena atatu, nchifukwa chake dokotala amayamba wapereka mankhwala mongoyerekeza potengera mabakiteriya amene amapezeka kawirikawiri, kenako nkusintha zotsatira zikabwera.

Pepala la mayi uja, tinene, labwera ndi R pa amokisisilini, R pa kotirimokisazo, R pa seftiriyakisoni, S pa meropenemu, ndipo pansi alembapo ESBL. Zilembo zimenezi zikutanthauza kuti beta-lakitamezi yake ndi ya mtundu wolusa umene umadulanso mphete za mankhwala atsopano.

Apa pali mbiri ya mpikisano imene yakhala ikubwerezabwereza. Mabakiteriya atayamba kudula penisilini, anthu anapanga methisilini amene enzayimu imalephera kumudula, anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1960, koma pofika 1961 ku Britain kunapezeka kale bakiteriya wotchedwa sitafilokokasi wosamumva, amene lero timamutchula MRSA. Iyeyu sanadule mphete ayi, anabwera ndi mmisiri wina wa khoma amene mankhwalawo samukanirira. Anthu anapezanso kilavulaniki asidi, amene amadzipereka kwa beta-lakitamezi nkuitseka kuti amokisisilini adutse, ndiwo mapilitsi ophatikiza aja a ko-amokisikilavu. Kunabwera ma sefalosiporini monga seftiriyakisoni, kenako ESBL nkuyamba kuwadula. Kunatsala gulu la makabapenemu monga meropenemu, operekedwa m'mitsempha kuchipatala, koma mu 2008 mwa wodwala wina ku Sweden amene anagonekedwapo m'chipatala ku New Delhi munapezeka enzayimu ya NDM-1 imene imadulanso amenewa. Madokotala anabwerera ku kolisitini, mankhwala akale amene anasiyidwa chifukwa choononga impso, ndipo mu 2015 ku China kunapezeka jini ya mcr-1 yosamva kolisitini ili pa pulazimidi, mu nkhumba ndi mwa anthu omwe, poti mankhwalawa amapatsidwa kwambiri ku ziweto. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala.

Kwa mayi uja tanthauzo lake ndi loti matenda amene akanatha ndi mapilitsi a masiku ochepa ali kunyumba tsopano afuna bedi, diripi ndi mankhwala amene si chipatala chilichonse chili nawo.

Tibwererepo pa kamwedwe kake kaja, chifukwa kulakwitsa kwake sikunali kumwera chimfine kokha. Bakiteriya aliyense ali ndi mlingo wochepetsetsa wa mankhwala umene umamuletsa kukula, ku labu amaulemba MIC. Amokisisilini amagwira bwino ngati mlingo wake m'magazi ukhala pamwamba pa mzere umenewu kwa nthawi yokwanira, pafupifupi theka la nthawi ya pakati pa kumwa ndi kumwa. Vuto nloti impso zimamutulutsa msanga, pa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono theka limakhala latuluka, ola lina theka la otsalawo, nde pofika maola 8 m'magazi mumakhala mwatsala tochepa kwambiri. Nchifukwa chake akakulemberani katatu patsiku amatanthauza maola 8 aliwonse, osati m'mawa, masana ndi madzulo moyandikana kenako usiku wonse opanda kanthu. Mukadumpha, kapena kugawana makapisozi ndi wina kuti aliyense apezeko pang'ono, kapena kumpatsa mwana mongoyerekeza pomwe mlingo wa mwana umawerengedwa ndi makilogalamu ake, mankhwala amakhala nthawi yaitali pa mlingo wapakatikati, wokwanira kupha ofooka kwambiri koma wosakwanira kupha olimbako pang'ono. Olimbako pang'onowo akachuluka, pakati pawo mpamene pamatuluka olimba kwambiri. Mu 2016 asayansi a ku Harvard anaonetsa izi pa mbale yaikulu yotalika kuposa mita, anaigawa m'zigawo, chakumapeto chopanda mankhwala, chotsatira ndi pang'ono, chotsatira kuchulukitsa ka 10, mpaka pakati pomwe panali mlingo wochuluka ka 1,000. Ikolayi amaima pa malire aliwonse, kenako kagulu kamodzi kosintha nkubooleza, ndipo m'masiku pafupifupi 11 anafika pakati. Makwerero apang'onopang'ono aja ndi amene anamuthandiza kukwera.

Nanga za kumaliza mankhwala onse? Apa ndikufuna ndilankhule mosamala chifukwa zimene ambirife tinamva zasinthako. Tinkauzidwa kuti ukasiya msanga nde kuti ukupanga kusamva, basi. Kafukufuku wa zaka zaposachedwa waonetsa kuti pa matenda ambiri wamba masiku ochepa amachiza chimodzimodzi ngati masiku ambiri, ndipo tsiku lililonse loonjezera ndi tsiku linanso losefa mabakiteriya a m'matumbo aja. Nde kumwa nthawi yaitali kuti mutsimikize si chitetezo ayi. Koma izi sizikutanthauza kuti mudzisiyira nokha mukangomva bwino, chifukwa kumva bwino kumabwera mabakiteriya asanatheretu ndipo matenda atha kubwerera. Kutalika kwake asankhe amene wakupimani, ngati mukuona kuti mwachira msanga kapena mankhwala akukupwetekani mufunseni. Chinanso nchoti makapisozi osiyidwa aja ndi omwe amakhala mu kabati kudikira chimfine cha munthu wina.

Pali matenda amodzi amene kusiya kapena kudumphadumpha kumabala kusamva mwachindunji, mwa bakiteriya yemweyo amene mukumuchiza, ndipo masamu ake ndi osavuta kuwatsatira. Ndi TB. Munthu amene TB yamuboola bowo m'mapapo amatha kukhala ndi mabakiteriya 100 miliyoni kapena kuposa m'bowomo. Mwachilengedwe, asanamwe kanthu, pafupifupi mmodzi mwa 1 miliyoni aliwonse amakhala wosamva mankhwala a TB otchedwa ayisoniyazidi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 100 miliyoni wosamva ena otchedwa rifampisini. Mukampatsa ayisoniyazidi yekha ndekuti muli kale pafupifupi 100 amene apulumuke nkudzadzanso bowolo. Izi zinaoneka m'zaka za m'ma 1940 pamene odwala amapatsidwa sitireputomayisini yekha, amayamba kuchira kenako ambiri nkupezeka ndi TB yosamva. Koma kuti bakiteriya mmodzi akhale wosamva onse awiri nthawi imodzi mumachulukitsa manambala awiri aja, zimatuluka mmodzi mwa 100 thiriliyoni, chiwerengero chimene m'mapapo simungakhale. Amene wapulumuka mankhwala awa amaphedwa ndi enawo. Ichi nchifukwa chake TB imachizidwa ndi mankhwala anayi pamodzi miyezi iwiri yoyamba, kenako awiri kwa miyezi inayi, ndipo imatenga nthawi chonchi poti bakiteriya wake amakula pang'onopang'ono, ena amangogona nkumadzuka mwa apo ndi apo. Munthu akamamwa modumpha, kapena kusankha mapilitsi ena nkusiya ena, pamakhala nthawi imene mankhwala amodzi okha ndi amene akugwira, osamva amenewo amachuluka mpaka mamiliyoni, kenako pakati pawo nkupezeka wosamvanso achiwiri. Umu ndi mmene imabadwira TB yosamva ayisoniyazidi ndi rifampisini, ndipo akakhosomola amapatsira ena yosamva kaleyo.

Sindikunena kuti muziopa maantibayotiki. Mwana amene akupuma mofulumira nthiti zikulowa mkati, munthu amene khosi lauma ndipo thupi latentha, mayi amene wangobereka kumene nkuyamba kutentha thupi, bala limene kufiira kwake kukufalikira, amenewa akufunika kuonedwa msanga ndipo antibayotiki woyenera akachedwa munthu amafa. Bungwe la WHO mu 2017 linagawa maantibayotiki m'magulu atatu, oyambira amene amokisisilini ali m'gulu lake, ofunika kusamala nawo monga sipurofulokisasini ndi seftiriyakisoni, ndi osungira pamapeto monga kolisitini, nde dokotala akakupatsani kapisozi wamba m'malo mwa jakisoni amene mumayembekezera sikuti wakuderani, antibayotiki wamphamvu ndi amene akugwirizana ndi bakiteriya wanuyo, ndipo wopha mitundu yochepa amasiya mabakiteriya abwino ambiri ali moyo. Akakuuzaninso kuti ichi nchimfine kamweni madzi ambiri ndi panado, musamuumirize. Madokotala nawonso ali ndi mbali yawo, ena amalemba antibayotiki chifukwa mzere ngwautali kapena alibe zoyezera, ndipo izi nazonso zimasefa mabakiteriya chimodzimodzi.

Mayi uja, tinene, wachira ndi meropenemu patatha masiku angapo ali pa diripi, watuluka. Impso zayera koma m'matumbo ikolayi wa ESBL uja akadalimo, sakumudwalitsa, ndipo atha kukhalamo miyezi yambiri, pena amachepa yekha mabakiteriya abwino akamabwerera ngati sanamwenso antibayotiki wina. Akadzadwalanso auze dokotala za pepala lija kuti asayambirenso pa mankhwala amene ali ndi R. Pakadali pano bakiteriyayo amatuluka ndi chimbudzi tsiku lililonse, amatha kukhala m'manja, pa chitseko, pa kapu, ndipo m'nyumba muli mwana wa miyezi 4 amene iye amamusambitsa ndi kumuyamwitsa, nde sopo ndi madzi akachoka kuchimbudzi komanso asanagwire mwanayo ndi zimene zingathandize kwambiri kuti pulazimidi ija isafike m'matumbo mwa khandalo.